Ziro wa pakati: zolemba za ntchito ya samu zochotsera, Giredi 4, temu yachiwiri

Meyi, sabata yachiwiri ya temu

Temu itangotsegulidwa tinagwirizana pa msonkhano wa aphunzitsi kuti aliyense asankhe chinthu chimodzi chomwe chikuvuta m'kalasi mwake, achilondole mpaka kutsekera, ndipo azilemba zomwe akuona. Ine ndasankha samu zochotsera, zija timalemba nambala ina pamwamba ina pansi, makamaka pamene nambala ya pamwamba ili ndi ziro pakati kapena kumapeto. Sukulu yathu ili kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 2022 kalasi langa silichepera ana makumi asanu ndi limodzi. Pochonga makope ochuluka chotero dzanja limazolowera kungoika mtanda ndi kulemba kuti "bwerezanso". Mwana amabwerezadi, koma amabwereza cholakwa chomwecho, chifukwa kwa iye si cholakwa, ndi njira.

Lachitatu ndinawapatsa samu zisanu. Imodzi yokha ndiyo ndinali nayo cholinga:

```
  503
- 267
-----
```

Yankho lake ndi 236. Makope ndinapita nawo kunyumba, ndipo ulendo uno sindinagwire cholembera chofiira. Ndinayala mphasa, n'kuyamba kuunjika makopewo malinga ndi yankho lomwe mwana walemba. Ndinkaganiza kuti mayankho olakwa abalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Ayi ndithu. Pafupifupi onse anagwera m'milu isanu ndi umodzi yokha: 364, 266, 206, 246, 336 ndi 146. Ana okhala mabenchi otalikirana, oti sangaonerane, alemba 336 yemweyo. Ndinakumbukira zomwe tinamva ku koleji, kuti mu 1978 akatswiri ofufuza za maphunziro, a Brown ndi a Burton, anasonyeza kuti zolakwa zambiri za ana pa kuchotsera si zangozi, koma ndi lamulo lolakwika lomwe mwana amalitsata mokhulupirika. Nthawi imeneyo ndinangolemba kuti ndikakhoze mayeso. Usiku wa Lachitatu ndinaziona pa mphasa panga.

Meyi, sabata yachitatu

Sabata ino sindinaphunzitse chatsopano pa nkhaniyi. Pa nthawi yopumula ndakhala ndikuitana ana awiriawiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, kuti andiwerengere samu ija mokweza mawu. Ndinawauza kuti sindichonga, ndikungofuna kumva. Poyamba ankafufuta chilichonse ndikangoyang'ana pa kope, mpaka ndinaphunzira kuyang'ana kumbali.

Mulu wa 364 ndi wosavuta kuuzindikira. Mwana amatenga nambala yaing'ono kuchotsa pa yaikulu mu mzere uliwonse, osasamala kuti ili pamwamba ndi iti: 7 kuchotsa 3 ndi 4, 6 kuchotsa 0 ndi 6, 5 kuchotsa 2 ndi 3. Amenewa vuto lawo si ziro kwenikweni. Ngakhale pa 52 kuchotsa 17 amalemba 45. Ndawaika padera, ayenera kubwerera ku nambala za mizere iwiri kaye.

Milu inayo ndiyo ya ziro, ndipo ana ake onse amayamba bwino. Amaona kuti 3 sangachotse 7, amayang'ana kumanzere, amapeza ziro. Apa ndi pomwe njira zimapatukana.

Mtsikana wina wa pa benchi la kutsogolo, yemwe analemba 266, anandiuza kuti: "Aphunzitsi, ziroyu alibe kanthu, ndiye ndamudumpha, ndakabwereka kwa 5." Anadula 5 n'kulemba 4, anaika 1 pambali pa 3 kuti akhale 13, anapeza 6. Atafika pa mzere wa mateni anapeza 0 pamwamba ndi 6 pansi, n'kungotsitsa 6. Ndinamufunsa kuti 0 kuchotsa 6 zikukhala bwanji 6. Anati, "Palibe chomwe chachotsedwa, ndiye 6 watsala." Mnzake wa 206 anachita zonse chimodzimodzi, koma pa mateni anati, "Popanda kanthu sungachotsepo kanthu," n'kulemba 0. Onse awiri ali ndi chifukwa chomveka, ndipo n'chifukwa chake mtanda wanga wofiira sunkawasintha. Koma taonani chomwe chachitika podumpha paja: kwa 5 kwachoka handiredi yathunthu, pomwe kwa 3 kwafika teni imodzi yokha. Mateni asanu ndi anayi asowera m'njira.

Wa 146 ndiye amaonetsa kusowako poyera. Iye naye amadumpha ziro, 5 n'kukhala 4. Akafika pa mateni amaona kuti 0 sangachotse 6, ndiye amabwerekanso, 4 n'kukhala 3, ziro n'kukhala 10. Mayankho a mizere amatuluka 6, 4 ndi 1. Mukachotsa 146 pa 236 mupeza 90, mateni asanu ndi anayi aja. Mwana ameneyu ndimamumvera chisoni kwambiri chifukwa mfundo ya kubwereka amaidziwa, ndipo kope lake ndi laudongo.

Wa 246 amapita kwa 5, amamutsitsa kukhala 4, ziro amamusandutsa 10, 3 amamusandutsa 13. Koma 10 uja amamusiya ali 10, ngati kuti 13 wachokera kumwamba. Ndiye 10 kuchotsa 6 ndi 4, yankho lapitirira ndi teni imodzi.

Wa 336 ndi mwana amene anamva kwinakwake kuti ziro akabwerekedwa amasanduka 9. Amadula ziro, amalemba 9, amaika 1 pa 3, koma 5 samukhudza n'komwe. Mnyamata wina anandiyankha mosazengereza kuti, "Kwa 5 sindinapiteko, aphunzitsi, ndabwereka kwa ziro." Yankho lake lapitirira ndi handiredi yathunthu.

Ndalemba mayankho asanu ndi limodziwa kuseri kwa rejisitala yanga. Tsopano ndikaona yankho lolakwa ndimayamba ndaona kuti lasiyana bwanji ndi lolondola. Likapitirira ndi 10, mwana waiwala kutsitsa 10 kukhala 9. Likapitirira ndi 100, sanakhudze mahandiredi. Likaperewera ndi 90, wabwereka kawiri. Kuchonga kwafulumira, ndipo ndimadziwa choti ndimufunse mwanayo.

Juni, sabata yoyamba

Ana ambiri ajomba, kuminda akukolola chimanga ndi kukumba nshawa. Ndinaganiza zopezerapo mwayi pa kuchepa kwawo kuti tiyese timitengo, monga timachitira pa maphunziro a Catch Up, othandiza ana otsalira m'mbuyo: kamtengo kamodzi ndi wani, khumi tomanga ndi legeni ndi teni, mitolo khumi yomanganso pamodzi ndi handiredi.

Pa nambala za mizere iwiri timitengo timathandiza kwambiri. Pa 503 tandigwetsa ulesi. Gulu lililonse likufunika timitengo toposa mazana asanu, malegeni akuduka, ndipo pofika pomasula mtolo waukulu belu linali litalira, pansi pali mbwee timitengo. Komabe gulu limodzi lomwe linamaliza linaona chinthu chomwe ndinkafuna. Atamasula mtolo wa handiredi, m'manja mwawo simunagwe timitengo tokhatokha, munagwa mitolo ing'onoing'ono khumi. Kuti apeze timitengo toti aonjezere pa titatu tija, anayenera kumasulanso umodzi mwa mitolo khumiyo. Kumasula kawiri. Nkhani yonse ya ziro wa pakati yagona pamenepa.

Juni, sabata yachiwiri

Tasiya timitengo, tatenga ndalama. Ndinadula makalenda akale ndi makatoni n'kulembapo K100 ndi K10, ndipo zitsekerero za mabotolo zinakhala ma K1. Mwana mmodzi pa gulu ndi wa banki, wina ndi wogula, wina ndi mlembi.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa ndekha. Pofuna kuti zifanane ndi ndalama zenizeni ndinapanganso ma K50 ndi ma K20. Ana a kuno ndalama amazidziwa, ena Loweruka amathandiza amayi awo kugulitsa ku msika wa Kapata. Nditangoti "phwanyani K100", anaiphwanya kukhala ma K50 awiri, monga amachitira aliyense wanzeru. Yankho analipeza, mofulumiranso, koma pa pepala panalibe mzere woti alembepo K50. Mawa lake ndinazichotsa, n'kuwauza kuti banki yathu ndi yosauka, ili ndi mitundu itatu yokha ya ndalama.

Ndilembe momwe phunziro la Lachinayi linayendera, chifukwa ndi lomwe ndidzabwereze chaka chamawa. Pa desiki tinajambula mizere itatu ndi choko: mahandiredi, mateni, mawani. Wogula anayala K503, kutanthauza mapepala asanu a K100, malo a mateni opanda kanthu, ndi zitsekerero zitatu. Ayenera kulipira K267, ndipo lamulo ndi lakuti ayambe ndi mawani. Akufunika zitsekerero zisanu ndi ziwiri, ali nazo zitatu. Akuyang'ana pa mateni kuti aphwanye K10 imodzi, palibe. Akutenga K100 imodzi kupita nayo ku banki.

Apa ndinaimitsa kalasi lonse. Ndinafunsa mtsikana wa 266 uja kuti, "Iwe, wa banki akupatse chiyani pa K100 yakoyi?" Anati zitsekerero khumi, popeza ndi zomwe amalemba pa pepala. Wa banki anamuwerengeradi khumi n'kulandira K100. Mtsikanayo anayang'ana m'manja mwake, anayang'ana wa banki, kenaka anakuwa kuti, "Aphunzitsi, wandibera!" Kalasi lonse linafa nacho chiseko. Ndinamufunsa kuti wamubera zingati. Anawerenga pang'ono n'kunena kuti K90. Sindinaonjezerepo mawu.

Tinayambiranso. K100 ija inaphwanyidwa kukhala ma K10 khumi, ndipo mlembi anadula 5 n'kulemba 4, anadula 0 n'kulemba 10. Ndinawauza kuti awerenge ndalama zonse pa desiki: mahandiredi anayi, mateni khumi, mawani atatu. Zikadali K503. Kenaka K10 imodzi inapita ku banki n'kubwera zitsekerero khumi. Mlembi anadula 10 n'kulemba 9, anadula 3 n'kulemba 13. Anawerenganso: 400, 90 ndi 13, pamodzi 503. Kuwerenganso kumeneku ndimakuumirira, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti akadula nambala ndiye kuti kuchotsera kwayamba, pomwe mpaka pano palibe ngwee yomwe yachoka m'thumba. Tangosintha maonekedwe a ndalama.

```
   4  9  13
   5  0   3
-  2  6   7
-----------
   2  3   6
```

Kulipira kunabwera pambuyo: 13 kuchotsa 7 ndi 6, 9 kuchotsa 6 ndi 3, 4 kuchotsa 2 ndi 2. Pa desiki panatsala K236.

Kwa masabata awiri akubwerawa ndalamula kuti aliyense azilemba 10 kaye pamwamba pa ziro, kenaka amudule n'kulemba 9. Kope likuoneka lauve, ndikudziwa, ndipo ahedi atadutsa anafunsa ngati ana akulimbana ndi nkhuku m'makopemo. Koma 9 wolembedwa mwachindunji ndi amene amabala 336.

Juni, sabata yachitatu

Ndaganizira kwambiri za mawu oti "kubwereka". Tonse tinakula nawo, ndipo pakamwa panga amatuluka okha. Koma mwana wa kuno amadziwa tanthauzo la kubwereka: ukabwereka mchere kwa anansi umadzabweza, ndipo munthu wopanda kanthu sumubwereka, umapitirira khomo lina. Mwana wodumpha ziro akungochita zomwe mawuwo akumuuza. M'kalasi tsopano tikunena kuti "kuphwanya" kapena "kusintha", ngati ndalama. Ndimaiwala kangapo pa tsiku, ana ndi amene amandikumbutsa.

Lachiwiri kunatuluka yankho lomwe silinali pa mndandanda wanga: 226. Mnyamata wake anali atalemba 4, 9 ndi 13 bwinobwino pamwamba, koma pansi pambali pa 6 panali kachizindikiro kakang'ono. Anati amalume ake anamuthandiza homuweki ndipo anamuuza kuti ukabwereka uzibweza pansi. Ndinapita nalo kope kwa amayi ena omwe aphunzitsa pano zaka zambiri, atsala pang'ono kupuma pa ntchito. Anaseka n'kunena kuti, "Mwanangu, imeneyi ndi njira yomwe ena a ife tinaphunzira nayo. Amalumewo sanalakwe." Anandionetsa pa bolodi. Pa 503 kuchotsa 267, umapatsa 3 teni kukhala 13, n'kuonjezera 1 pa 6 wa pansi kukhala 7. Kenaka umapatsa ziro teni kukhala 10, n'kuonjezera 1 pa 2 wa pansi kukhala 3. Ndiye 13 kuchotsa 7 ndi 6, 10 kuchotsa 7 ndi 3, 5 kuchotsa 3 ndi 2. Yankho 236. Nambala za pamwamba sizitsika konse, ndipo ziro savutitsa ngakhale pang'ono.

Ndinachita nayo kaduka njirayo, kunena zoona. Imagwira ntchito chifukwa ukaonjezera zofanana pamwamba ndi pansi, kusiyana kwa nambala ziwirizo sikusintha. Koma kuionetsa ndi ndalama pa desiki n'kovuta, ndipo si yomwe ili m'buku lomwe tikugwiritsa ntchito. Mnyamata uja anaphatikiza ziwirizo: anatsitsa pamwamba monga ndinamuphunzitsira, n'kubwezanso pansi monga anamuuzira amalume. Ngongole imodzi anailipira kawiri, 9 kuchotsa 7 n'kukhala 2. Ndinamuuza kuti njira zonse ndi zabwino koma asankhe imodzi. Pa msonkhano wa makolo ndidzaitchula nkhaniyi mosamala, kuti wina asamve ngati ndikunyoza sukulu yomwe anaphunzira.

Juni, sabata yachinayi

Kwazizira, zala za ana zikuchita kuuma m'mawa, samu ndazisunthira pambuyo pa nthawi yopumula. Tafika pa maziro ondondozana, ndipo samu ya sabata ino ndi 4,000 kuchotsa 1,358. Yankho ndi 2,642.

Omwe amati 0 kuchotsa nambala ndi nambala yomweyo analemba 3,358, ndipo omwe amati ndi ziro analemba 3,000. Amenewa ndi akale, achepa. Atsopano ndi awiri. Ena atsitsa 4 kukhala 3, kenaka maziro onse atatu awasandutsa 10, 10, 10, n'kupeza 2,752. Ena awasandutsa 9, 9, 9, n'kupeza 2,641, kuperewera ndi imodzi yokha. Achiwiriwa amadandaula kwambiri ndikawachonga kuti alakwa. "Aphunzitsi, ndangophonya ndi wani!" Koma wani ameneyo ndi chizindikiro choti mwana sakudziwa komwe kuphwanya kumathera. Ziro aliyense wa pakati amalandira khumi n'kupereka imodzi, ndiye amatsala ndi 9. Ziro wa pa mawani amalandira khumi koma alibe womupatsa, ndiye amakhalabe 10. Ndinaimika ana anayi kutsogolo, wa masauzande, wa mahandiredi, wa mateni ndi wa mawani, aliyense akulandira kuchokera kumanzere n'kupatsira kumanja. Womaliza atatembenuka kuti apatsire, anapeza khoma.

Chomwe chathandiza kuposa zonse sabata ino ndi kuwerenga nambala mwa njira ina. Ndinaphimba ndi dzanja ziro womaliza wa 4,000 n'kufunsa kuti pakuoneka chiyani. Anati 400. Amenewo ndi mateni 400. Tikaphwanya teni imodzi atsala angati? Anati 399, mosavutika, chifukwa kuwerenga chobwerera m'mbuyo amakudziwa. Ndiye tinadula 400 yense ndi mzere umodzi, pamwamba n'kulemba 399, pa mawani n'kulemba 10. Pa 503 chimodzimodzi: mateni 50, kuchotsapo imodzi atsala 49, ndipo 4 ndi 9 atulukira limodzi. Mwana wolemba chonchi sangaiwale kutsitsa 5, chifukwa 5 ndi 0 akuwadula pamodzi. Koma sindikadayamba ndi njira imeneyi. Omwe sanagwire ndalama zija m'manja akuitenga ngati matsenga ena.

Mwana wina anafunsa chifukwa chake maziro amavuta chonchi. Ndinamuuza kuti ngakhale boma linatopa nawo, mu Januwale 2013 linachotsa maziro atatu pa kwacha, K1,000 yakale n'kukhala K1. Anawo anali asanabadwe, ndipo anaganiza kuti ndikuwanamiza.

Julayi, sabata yachiwiri

Masiku awiri a tchuthi cha ngwazi ndi cha umodzi atidyera sabata yapitayi. Titabwerera ndinapereka samu zosakaniza, ndipo zomwe ndapeza zandichititsa manyazi.

Pofuna kuti asaiwale, mwezi watha ndinkawaimbitsa kuti "ziro wa pakati asanduka naini". Anaigwira nyimboyo, anaigwiritsitsa. Pa 508 kuchotsa 263, yankho ndi 245. Mawani safuna thandizo, 8 kuchotsa 3 ndi 5. Ziro akuphwanyitsa handiredi chifukwa cha iye mwini, ndiye akhale 10, osapereka kwa wina: 10 kuchotsa 6 ndi 4. Ana ambiri, kuphatikizapo ena omwe kale ankakhoza samu yotereyi, analemba 9 n'kupeza 235. Choipa kwambiri ndi 705 kuchotsa 302, samu yosafuna kuphwanya kalikonse, yankho 403. Ena atangoona ziro anadula 7 kukhala 6, ziro kukhala 9, n'kupeza 393.

Cholakwa chimenechi ndachibzala ndine. Kwa masabata atatu samu zonse zomwe ndinkapereka zinali za mtundu umodzi, ziro pakati ndipo mawani operewera. Mwana sankafunika kuganiza ngati aphwanye kapena ayi, yankho linali eya nthawi zonse. Nyimbo ndaithetsa. M'malo mwake, asanadule nambala iliyonse, mwana ayenera kuloza mzere ndi chala n'kufunsa kuti, "Ndani akuperewera?" Ngati palibe, pensulo isakhudze pamwamba. Ndipo pa samu zisanu zilizonse ndikusakaniza dala: imodzi ngati 503 kuchotsa 267, imodzi ngati 508 kuchotsa 263, imodzi yosafuna kuphwanya, imodzi ya maziro ondondozana, ndi imodzi yomwe ziro ali pansi, monga 746 kuchotsa 302. Yomalizayi yaulula ana awiri omwe amalemba 404 m'malo mwa 444, chifukwa kwa iwo 4 kuchotsa 0 ndi 0. Ndikukayikira kuti asokoneza ndi kuchulukitsa, komwe tayamba temu yomwe ino.

Julayi, sabata yachitatu

Pali ziro wina yemwe sindinamuganizire, wosaoneka poyamba. Pa 412 kuchotsa 187 palibe ziro aliyense. Koma 2 akaperewera n'kuphwanya teni, 1 wa pakati amasanduka 0, ndipo mavuto onse a Meyi amadzukanso. Yankho ndi 225. Ndapeza 385 m'makope angapo: 12 kuchotsa 7 ndi 5, kenaka 0 ndi 8 mwana n'kutsitsa 8, kenaka 4 kuchotsa 1 ndi 3. Ndi ana omwewo a mulu wa 266, omwe ndinkati achira. Ziro wosindikizidwa m'buku amamusamala, koma yemwe amulemba okha ndi pensulo samuyesa kanthu. Tinabwerera ku ndalama tsiku limodzi, K412 pa desiki, ndipo ataona malo a mateni atsala opanda kanthu anapita okha ku banki ndi K100.

Ndayambanso kuumirira kuti aliyense azitsimikiza yankho pophatikiza. Ukapeza 336, phatikiza ndi 267: zikupereka 603, osati 503. Vuto lake ndi lakuti ana ochenjera amangolemba 503 pansi popanda kuphatikiza, podziwa kuti ndi chomwe ndikufuna kuona. Ndiye tsopano amasinthana makope, wina amaphatikiza yankho la mnzake, nambala ya pamwamba ataiphimba ndi chala.

Ana a ku msika aja ali ndi njira yawo, yowerenga chokwera ngati pobweza chenji: kuchoka pa 267 kufika pa 270 ndi 3, kufika pa 300 ndi 30, kufika pa 500 ndi 200, kufika pa 503 ndi 3, pamodzi 236. Ndawalola kuti azitsimikizira nayo. Mmodzi mwa iwo amapeza yankho m'mutu kaye, kenaka n'kudula nambala pamwamba kuti zioneke ngati watsata njira ya m'buku, ndipo nthawi zina zodulazo sizigwirizana ndi yankho. Ameneyu sindinadziwebe chochita naye.

Aphunzitsi a Giredi 6 anandionetsa chidule china: pa 4,000 kuchotsa 1,358, chotsa 1 pamwamba ndi pansi, zikhale 3,999 kuchotsa 1,357, ndipo palibenso chophwanya, yankho ndi 2,642 lomwelo. N'chokoma, koma ndachisunga. Pa 4,003 uyenera kuchotsa 4 mbali zonse, osati 1, ndipo ndaona kale zomwe ana anga amachita ndi lamulo lomwe aloweza asanalimvetse.

Julayi, sabata yomaliza

Lachitatu ndinabwereza samu zisanu za Meyi zija, osasintha kanthu, n'kuonjezera zitatu zatsopano. Madzulo ndinayalanso mphasa. Mulu wa 236 tsopano ndi waukulu kuposa ina yonse kuiphatikiza. Milu ya 206 ndi 146 yatheratu. Wa 336 watsala ndi makope atatu, onse a ana omwe anajomba sabata ya ndalama chifukwa cha zokolola. Wa 246 ulipobe, ndipo ndikaona makope ake ndi a ana omwe asiya kulemba 10 asanalembe 9, akuchita za m'mutu mothamanga. Mulu wa 364 sunasunthe kwenikweni. Ana amenewa ntchito yonseyi yawadutsa pamwamba, chifukwa sanafike poti ziro awavute. Ndinawaika padera mu Meyi n'cholinga chowabwerera, koma sindinawabwerere mokwanira.

Pa samu zatsopano, 1,005 kuchotsa 78 yabweretsa china. Ena alemba 7 pansi pa 1 ndi 8 pansi pa ziro woyamba, kuyambira kumanzere, chifukwa pa samu zonse zomwe tachita nambala ziwirizo zinali zotalika mofanana. Yankho ndi 927, ndipo omwe anandandalika bwino ambiri analipeza. Makope a timabokosi akanathandiza, koma ambiri ali ndi a mizere wamba, ndiye tizitembenuza kope cham'mbali kuti mizere ija iime chilili, nambala iliyonse ikhale ndi mpata wake.

Sabata yamawa ndi ya mayeso otsekera temu, sindiyambitsa chatsopano. Ndapempha ahedi kuti temu yachitatu andipatse theka la ola Lachiwiri ndi Lachinayi masana, la ana a mulu wa 364 ndi atatu a 336 aja. A 364 ayambira pa 52 kuchotsa 17 ndi timitengo. Ndalama za makatoni zang'ambika, ma K10 atsala osakwana makumi atatu, ndiye ndauza ana kuti pa tchuthi aliyense asunge katoni imodzi ya sopo ndi zitsekerero makumi awiri.